Nthawi yoyesera yaulere ikasanduka yolipira: zizindikiro, zifukwa zake ndi njira yoithetsera ndalama zisanadulidwe

Dandaulo ili likumveka kawirikawiri pakati pa anthu amene amagwira ntchito ndi foni kapena kompyuta kuno ku Salima: aphunzitsi amene ankafuna pulogalamu yosandutsira chithunzi kukhala chikalata, achinyamata ojambula mavidiyo a ukwati, eni malo ogona alendo ku Senga Bay, komanso a mashopu osindikiza makadi ndi mapepala pa Kamuzu Road. Onse amati anatenga pulogalamu imene inalembedwa kuti ndi yaulere kwa masiku atatu, asanu ndi awiri kapena mwezi wathunthu, ndipo patapita nthawi analandira uthenga wa ku banki wonena kuti ndalama zachoka mu akaunti yawo.

Pofuna kumvetsa vutoli ndi bwino kuyamba ndi mmene nthawi yoyeserayi inapangidwira. Kampani ikakupemphani nambala ya khadi la ku banki musanayambe kuyesera, ndiye kuti mwalowa kale mgwirizano wolipira, ndipo chimene mwapatsidwa mwaulere ndi kuchedwetsa tsiku la malipiro oyamba. Chilolezo chodula ndalama munachipereka pa nthawi imene munadina batani loyambira, choncho tsiku likakwana palibe amene adzakufunseninso ngati mukufuna kupitiriza. Kukhala chete kwanu kumawerengedwa ngati kuvomera. Zizindikiro zimene zili m'munsimu zonse zimachokera pamenepa, ndipo pa chilichonse zifukwa zaikidwa kuyambira chofala kwambiri kutsikira ku chosowa.

## Ndikadali m'nthawi yoyesera ndipo sindikufuna kulipira

Uku ndiko kosavuta, ndipo amene akuwerenga ali pa gawo ili achite lero lomwe. Chofunika ndi kudziwa kumene munalembetsera, chifukwa mgwirizano umathetsedwa pa khomo lomwe unalowera. Pali makomo atatu.

Ngati munalembetsa pa foni ya Android kudzera pa Google Play, tsatani izi:

- Tsegulani Play Store ndi kudina chithunzi cha akaunti yanu chimene chili pamwamba kudzanja lamanja.
- Sankhani `Payments & subscriptions`, kenako `Subscriptions`.
- Dinani dzina la pulogalamuyo, ndipo musankhe `Cancel subscription`, n'kupitiriza mpaka mafunso onse atatha.

Ngati munalembetsa pa iPhone, tsegulani `Settings`, dinani dzina lanu pamwamba, sankhani `Subscriptions`, kenako pulogalamuyo, ndipo mudine `Cancel Free Trial` kapena `Cancel Subscription`.

Ngati munalemba nambala ya khadi pa tsamba la pa intaneti la kampaniyo, Google ndi Apple alibe nazo gawo, ndipo simudzaipeza pulogalamuyo pa mndandanda wawo. Muyenera kulowa mu akaunti yanu pa tsamba lomwelo ndi kufufuza mawu monga `Account`, `Billing`, `Plan` kapena `Membership`. Kawirikawiri zimenezi zimaoneka bwino pa kompyuta kusiyana ndi pa foni, chifukwa makampani ena batani lothetsera saliika n'komwe mu pulogalamu ya pa foni.

Ambiri amazengereza poopa kuti akathetsa msanga ataya masiku aulere amene atsala. Pa Google Play, nthawi zambiri munthu amapitiriza kugwiritsa ntchito pulogalamu mpaka tsiku lomaliza la kuyesera ngakhale atathetsa pa tsiku loyamba. Pali makampani ena amene amatseka pompopompo munthu akangothetsa, ndipo amanena zimenezi pa tsamba lotsimikizira, choncho muwerenge mawu amene ali pamenepo musanadine. Ngati ndi kampani ya mtundu umenewo, ikani chikumbutso pa foni chokulizani kutatsala masiku awiri athunthu. Ine ndimaona kuti kuthetsa tsiku lomwe mwalembetsa ndi kwanzeru ngakhale mutataya masiku angapo, pakuti masiku aulere amene mungataye mtengo wake sungafanane ndi ndalama za chaka chonse.

## Ndinachotsa pulogalamu mu foni koma ndalama zadulidwabe

Chifukwa chofala kwambiri n'chakuti kuchotsa pulogalamu sikuthetsa mgwirizano. Pulogalamu imakhala mu foni yanu, pamene mgwirizano umasungidwa pa akaunti yanu ku Google, ku Apple kapena ku kampaniyo, ndipo makina olipiritsa saona n'komwe ngati mwaichotsa. Zili ngati munthu wa lendi amene watuluka m'nyumba usiku osauza mwini wake: mwezi ukatha lendi imawerengedwabe. Onani pa mndandanda wa `Subscriptions` monga tafotokozera pamwambapa. Mukapeza pulogalamuyo ili ndi tsiku la malipiro otsatira, mgwirizano ukadali wamoyo, ndipo muuthetse pomwepo. Simufunika kuibwezeretsa mu foni kuti muchite zimenezi.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti munangotuluka mu akaunti, kapena munasiya kuigwiritsa ntchito, n'kuganiza kuti nkhani yatha. Zotsatira zake ndi chimodzimodzi.

Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, ndi kufufuta akaunti ya mu pulogalamu pamene malipiro amadutsa pa Google Play kapena Apple. Kampani imachotsa dzina lanu ndi ntchito zanu zonse, koma chilolezo chodula ndalama chimatsalabe kumene chinaperekedwa. Munthu amalipirira chinthu chimene sangathe n'kulowamo komwe. Dongosolo loyenera ndi kuyamba mwathetsa mgwirizano, kulandira umboni, kenako n'kufufuta akaunti, ndipo kuchotsa pulogalamu kukhale kotsiriza.

## Ndinathetsa pa tsiku lomaliza koma anali atadula kale

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa anthu osamala ndi amene amagwa m'vuto limeneli. Zifukwa zake ndi izi.

Choyamba, malipiro amatha kuyamba nthawi yoyesera isanathe kwenikweni. Apple imanena poyera kuti amene sakufuna kulipira athetse kutatsala maola osachepera 24 kuti kuyesera kuthe, ndipo n'kwanzeru kutsatira lamulo lomweli kwina kulikonse. Tsiku lomaliza lenileni la munthu wofuna kuthetsa ndi dzulo lake la tsiku limene lalembedwa.

Chachiwiri, masiku amawerengedwa kuyambira pa ola limene munalembetsa, osadikira pakati pa usiku. Amene analembetsa m'mawa 7 koloko, n'kudzathetsa madzulo a tsiku lomaliza, wachedwa ndi theka la tsiku.

Chachitatu, makampani ena amatsata nthawi ya dziko lawo, imene ingasiyane ndi ya ku Malawi ndi maola angapo, motero tsiku limene laoneka pa sikirini likhoza kuyamba kapena kutha pa nthawi imene simukuyembekezera.

Tiyerekeze ndi mayi amene ali ndi shopu yosindikiza pa Kamuzu Road, amene alandira ntchito yokonza makadi oitanira anthu ku chinkhoswe. Lolemba pa 3 Malichi, 9 koloko usiku, iwo akutenga pulogalamu yokonzera zithunzi imene ikupereka masiku 7 aulere. Pa sikirini pali mawu aakulu onena za kuyesera kwaulere, ndipo pansi pake pali timawu ting'onoting'ono tonena kuti pambuyo pake mtengo ndi madola 59.99 pa chaka. Mayiwa akulemba m'kope lawo la oda kuti adzathetsa pa 10, poti ndilo tsiku lomaliza. Koma masiku 7 akutha Lolemba pa 10 nthawi ya 9 koloko usiku, ndipo malire a maola 24 akugwera Lamulungu pa 9 nthawi yomweyo ya 9 koloko usiku. Lolemba m'mawa, asanatsegule n'komwe shopu, uthenga wa ku banki wafika. Ngati banki yawerengera dola imodzi pa K1,750, ndalama zimene zachoka ndi pafupifupi K105,000, ndipo pamwamba pake pakhoza kubwera kandalama kamene banki imadula pa malipiro a ndalama zakunja. Makadi a chinkhoswe aja mwina anawabweretsera phindu losafika theka la ndalama imeneyi.

Tsiku limene mayiwa anayenera kulemba m'kope ndi Loweruka pa 8. Kusiya malo a tsiku limodzi kapena awiri kumathandizanso pa zinthu za kwathu kuno, kumene magetsi akhoza kuzima tsiku lonse foni n'kuthima, bandulo n'kutha usiku ogulitsa mayunitsi atatseka, kapena netiweki n'kumavuta nthawi ya mvula. Makina olipiritsa ali kunja ndipo sazimitsidwa ndi zimenezi.

Ngati zakuchitikirani kale, thetsani mgwirizanowo kuti chaka chamawa asadzadulenso, kenako pitani pa gawo la kubwezeredwa ndalama lili m'munsimu musanagwiritsenso ntchito pulogalamuyo.

## Ndinadina batani lothetsera koma mwezi uno adulanso

Nthawi zambiri kuthetsako sikunafike kumapeto. Makampani ambiri amaika masamba atatu kapena anayi pakati pa batani loyamba ndi lomaliza: lina limafunsa chifukwa chimene mukuchokera, lina limakupatsani mtengo wotsika, lina limakukumbutsani zimene mutaye. Batani lopitirizira mgwirizano limakhala lalikulu ndi lowala, pamene lothetsera limakhala laling'ono kapena lotuwa. Munthu akatseka foni ali pa tsamba lachiwiri, palibe chimene chasintha. Umboni wa kuthetsa koona ndi uwu:

- Imelo yochokera ku Google, Apple kapena kampaniyo yonena kuti mgwirizano wathetsedwa.
- Pa mndandanda, mawu onena za tsiku lolipira asintha n'kukhala onena za tsiku lotha, monga `Expires` kapena `Canceled`.
- Batani lothetsera lasowa, ndipo m'malo mwake mwabwera lolembetsanso, monga `Resubscribe`.

Jambulani sikirini imeneyo ndi kuisunga pamodzi ndi imelo, chifukwa mukadzakangana ndi kampani kapena banki ndi zimenezi zimene adzafune kuona.

Chifukwa chachiwiri ndi kusankha kuimitsa m'malo mothetsa. Google Play ili ndi batani la `Pause` pa mapulogalamu ena, limene limangoimitsa malipiro kwa kanthawi kenako n'kuyambiranso lokha tsiku limene munasankha likakwana. Kuvomera mtengo wotsika umene anakupatsani potuluka nakonso kumasiya mgwirizano uli wamoyo.

Chachitatu ndi kukhala ndi migwirizano iwiri ya pulogalamu imodzi. Izi zimachitika munthu akayamba kuyesera pa kompyuta ndi imelo ina, kenako n'kuyambanso pa foni ndi imelo ina. Akathetsa umodzi, winawo umapitirira. Yang'anani pa sitetimenti ngati ndalama zikudulidwa kawiri pa mwezi kapena pa masiku osiyana.

## Sindikuipeza pulogalamuyo pa mndandanda koma ndalama zikuchoka

Chofala kwambiri kuno ndi kukhala ndi maakaunti angapo a Google mu foni imodzi. Anthu ambiri akagula foni pa msika, wogulitsa kapena mnyamata wokonza mafoni amawatsegulira akaunti ya Gmail mwachangu kuti Play Store igwire ntchito, ndipo mwini foni amadzawonjezera yake pambuyo pake. Mgwirizano umakhala pa akaunti imene inali yosankhidwa pa nthawi yolembetsa. Mu Play Store dinani chithunzi cha akaunti, sinthani kupita ku akaunti ina iliyonse imene ili pamenepo, ndipo muone `Subscriptions` pa iliyonse payokha.

Chachiwiri n'chakuti munalembetsa pa tsamba la kampani. Sitetimenti ya ku banki imasonyeza khomo limene malipiro akudutsa. Mzere umene ukuyamba ndi `GOOGLE *` n'kutsatira dzina umatanthauza Google, wolembedwa `APPLE.COM/BILL` umatanthauza Apple, ndipo dzina lina lililonse limatanthauza kuti kampaniyo ikudula yokha kapena kudzera mwa kampani ina yotolera malipiro. Dzina la pa sitetimenti likhoza kusiyana ndi la pulogalamu, choncho fufuzani mu imelo yanu mawu monga `receipt`, `trial` ndi `subscription`, osaiwala bokosi la `Spam`, ndipo muyerekeze tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama.

Chachitatu, khadi lanu lili pa akaunti ya munthu wina. Mwina mwana wanu, mlamu wanu kapena mnzanu wa ku ntchito anakupemphani kuti mumuthandize kulipira kanthu kamodzi, ndipo nambala ya khadi inasungika mu foni yake. Kuyesera kulikonse kumene iye angayambe kudzalipiridwa ndi inu. Funsani mwaulemu anthu a m'nyumba musanathamangire kunena kuti mwaberedwa, ndipo mukapeza, khadilo lichotsedwe pa `Payment methods` pambuyo pothetsa mgwirizano.

Ngati mwafufuza zonsezi ndipo palibe amene akuzindikira malipirowo, siyani kufufuza nokha. Imbani ku banki yanu nthawi yomweyo kuti atseke khadi, chifukwa n'kutheka kuti nambala yake ili m'manja mwa anthu akuba.

## Ndalama zadulidwa tsiku lomwe ndinalembetsa

Kawirikawiri ndi kandalama kochepa, mwina kofanana ndi dola imodzi, kamene kampani imagwira poyesa ngati khadi likugwira ntchito. Pa sitetimenti kamaoneka ngati kodikirira, ndipo Google imakalemba kuti `GOOGLE *TEMPORARY HOLD`. Kamabwerera kokha pakapita masiku angapo, malinga ndi banki yanu. Pakadutsa milungu iwiri kasanabwerere, funsani ku banki.

Ngati ndalama zake ndi zambiri, mwina simunali woyenera kuyesera kwaulere chifukwa munayeserapo kale ndi akaunti yomweyo, kapena munasankha dongosolo limene linalibe masiku aulere. Mapulogalamu ambiri amaika kuyesera pa dongosolo la chaka lokha. Lisiti la mu imelo limasonyeza chimene munasankha.

## Ndalama zimene adula zaposa zimene ndinkayembekezera

Chifukwa choyamba ndi mtengo wa chaka wolembedwa ngati wa mwezi. Sikirini imaonetsa madola 4.99 pa mwezi m'zilembo zazikulu, koma malipiro ake amatengedwa kamodzi a miyezi yonse 12. Palinso mapulogalamu olipiritsa pa mlungu, makamaka ojambulira zikalata ndi osinthira zithunzi, amene mtengo wake umaoneka wochepa mpaka munthu atauchulukitsa ndi milungu 52.

Chachiwiri ndi mtengo wa kwacha. Mgwirizano uli m'madola, ndipo banki imawerengera pa mtengo wa tsiku lodula. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi mgwirizano wa m'madola anayamba kulipira makwacha ambiri ngakhale kampani sinakweze kalikonse.

Chachitatu ndi mgwirizano wa chaka wolipira mwezi ndi mwezi, umene uli ndi chindapusa chotulukira. Adobe, kampani yopanga mapulogalamu okonzera zithunzi, ndi chitsanzo chodziwika: pa dongosolo limeneli munthu akathetsa mkati mwa masiku 14 kuchokera pamene analipira koyamba amabwezeredwa ndalama zonse, koma akadutsa pamenepo amalipira theka la ndalama za miyezi yotsala. Tiyerekeze mtengo wa madola 20 pa mwezi. Amene wazindikira atalipira miyezi iwiri watsala ndi miyezi 10, imene ndi madola 200, choncho kutuluka kumudyera madola 100. Boma la America linasumira kampaniyi mu Juni 2024 pa nkhani yomweyi ya chindapusa chosaonekera bwino. Musanadine batani lothetsera pa dongosolo lotere, werengani ndalama imene yaoneka pa tsamba lotsimikizira, ndipo ngati ndi yaikulu yambani mwalankhula ndi ogwira ntchito a kampaniyo kudzera pa tsamba lawo la chithandizo.

## Ndinasiya akaunti yopanda ndalama kuti alephere kudula

Njira imeneyi anthu amalangizana kwambiri, ndipo imaoneka ngati yagwira ntchito kwa masiku angapo. Vuto lake n'lakuti malipiro akakanika, mgwirizano suthetsedwa pompo. Makina amayesanso mobwerezabwereza, ndipo Apple imatha kuyesa mpaka masiku 60. Malipiro anu a ku ntchito akangolowa, kapena wogula akangokutumizirani ndalama, kuyesa kotsatira kumapambana. Zimenezi zimachitikanso khadi likakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja kapena malire amene banki yaika pa malipiro a pa intaneti: munthu amapuma poganiza kuti wapulumuka, kenaka mwezi wotsatira malire aja akatsegukanso ndalama zimachoka.

Ngati kampani ili ndi mgwirizano wa chaka, kusiya khadi lopanda kanthu sikuchotsa ngongole imene iwo akuwerengera pa dzina lanu. Kutseka khadi ndi chida cholimbana ndi akuba kapena kampani yokana kumva, koma pa mgwirizano umene munalowa nokha yambani ndi kuuthetsa m'njira yake.

## Mayunitsi akutha okha mu foni

Uku ndi kuyesera kwaulere kwa mtundu wina, kumene sikufuna khadi la ku banki. Uthenga kapena tsamba la pa intaneti limakuitanirani ku nyimbo yomvera okuimbirani, nkhani za mpira, masewera kapena mafunso opatsa mphoto, tsiku loyamba kwaulere, ndipo pambuyo pake kandalama kamadulidwa pa mayunitsi tsiku lililonse kapena mlungu uliwonse. Chizindikiro chake ndi mayunitsi amene amaperewera mukangothira, musanaimbe foni kapena kugula bandulo. Fufuzani m'mauthenga akale uthenga wokulandirani, chifukwa nthawi zambiri njira yosiyira imalembedwa momwemo. Mukaupeza mulibe, imbani ku kampani yanu ya foni kapena pitani ku shopu yawo ndi chiphaso chanu, muwapemphe akuwerengereni ntchito zonse zolipira zimene zili pa nambala yanu ndi kuzichotsa. Dandaulo limene kampani ya foni yalephera kulithetsa lingapite ku MACRA.

## Kupempha kubwezeredwa ndalama

Kuthetsa mgwirizano kumaimitsa malipiro a m'tsogolo okha. Ndalama zimene zachoka kale zimafuna pempho lapadera, ndipo nthawi ndi imene imalamula. Pa Google Play, pempho loperekedwa mkati mwa maola 48 kuchokera pamene ndalama zadulidwa limapita ku Google yeniyeni kudzera pa tsamba lawo la chithandizo, ndipo maola amenewa akadutsa amakutumizani kwa mwini pulogalamu, amene imelo yake imapezeka pa tsamba la pulogalamuyo mu Play Store. Pa Apple, lowani pa `reportaproblem.apple.com`, sankhani `Request a refund`, ndipo mupereke chifukwa. Palibe mwa awiriwa amene amalonjeza kubweza nthawi zonse.

Kalata yopita kwa mwini pulogalamu ikhale yaifupi ndi yaulemu. Tchulani imelo ya akaunti, nambala ya lisiti, imene pa Google Play imayamba ndi `GPA`, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo munene kuti simunafune kupitiriza pambuyo pa kuyesera komanso kuti simunagwiritse ntchito pulogalamuyo chidulireni ndalama. Mfundo yomalizayi imathandiza pokhapokha ngati ndi yoona, chifukwa kampani imaona nthawi imene munalowa komaliza. Akavomera, ndalama zimabwerera pa khadi lomwelo pakapita masiku angapo a ntchito, ndipo makwacha ake akhoza kusiyana pang'ono ndi amene anachoka.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa odziwa

Pitani ku banki yanu, kapena kwa kampani imene inakupatsani khadi lolumikizidwa ku Mpamba kapena Airtel Money, zinthu zikafika pamenepa:

- Simukuzindikira malipirowo ndipo palibe wa m'nyumba amene akuwadziwa.
- Muli ndi umboni wa kuthetsa koma kampani yadulabe ndalama pambuyo pa tsikulo.
- Tsamba la kampani lilibe njira yothetsera, kapena latsekeka, ndipo makalata anu sakuyankhidwa.
- Ndalama zikudulidwa ndi mayina osiyanasiyana kuchokera pamene munalemba khadi pa tsamba lina lokulonjezani mphoto kapena mafilimu aulere.

Tengani chiphaso, sitetimenti yosonyeza mizere imene mukuitsutsa, zithunzi za sikirini ndi makalata onse. Pemphani fomu yotsutsira malipiro a pa khadi, ndipo mufunse ngati pakufunika kutseka khadilo ndi kupatsidwa lina. Malamulo a makadi amaika malire a nthawi yotsutsira, choncho musadikire kutha kwa mwezi. Banki ili ndi pogwira penipeni pamene mwasonyeza kuti munathetsa kapena kuti simunavomereze. Pamene munthu anangoiwala tsiku, kampani imaonetsa chilolezo chimene anadina ndipo mlandu umathera pomwepo. Musanene kuti mwaberedwa pa malipiro amene mukudziwa kuti munayamba nokha, pakuti kampani ngati Google ikhoza kutseka njira zolipirira pa akaunti yanu. Ngati banki yeniyeniyo sikukuthandizani, dandaulo lingapite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki, ndipo ngati kampani yodula ndalamayo ndi ya m'dziko muno, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula.

Ngati mwaiwala nambala yachinsinsi ya akaunti imene ili ndi mgwirizano, gwiritsani ntchito njira yobwezeretsera akaunti ya Google kapena Apple. Wokonza mafoni angakuthandizeni kupeza mabatani inu muli pomwepo mukuona, koma musamusiyire foni yosakhoma pamodzi ndi khadi. Chenjeraninso ndi munthu amene angakuimbireni n'kunena kuti akuchokera ku banki kapena ku kampaniyo ndipo akufuna kukubwezerani ndalama: wogwira ntchito weniweni safunsa PIN, manambala atatu a kuseri kwa khadi, kapena nambala yotsimikizira imene yabwera pa uthenga. Dulani foniyo ndi kuimba nokha pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu.